Pepala la masamu la sabata ndi sabata: mayankho a mafunso amene makolo mwakhala mukundifunsa

Makolo anzanga, moni nonse. Ndine uja ndimakhala ndi ana anu a Giredi 4 masana akaweruka kusukulu kuno ku Rosettenville ku Joni, amene ndimawapatsa kapepala ka masamu Lolemba lililonse kuti abweze Lachisanu. Kalata yoyamba ija ndinalemba mwachidule kwambiri, nde mafunso akhala akubwera, ena pafoni ena mumandiimitsa pageti, ena mpaka ku tchalitchi tikutuluka mmapemphero. Ndaona kuti bola ndingoyankha pamodzi poti mafunso ake ndi omwewomwewo.

Pepalalo mwaliona, lili ndi zigawo zitatu. Pamwamba masamu 10 a pamtima, pakati masamu 6 ofuna kulemba njira yonse, pansi masamu 4 a nkhani, aja amakhala ndi chizungu chambiri. Zimene zili mmenemo ndi zomwe akuphunzira mkalasi sabata imeneyo motsata CAPS, silabasi ya masukulu a boma kuno, sindikupeka zanga ayi. Ndipo ndinene poyambirira pomwe, pepala lokhoza zonse 20 koma wakhoza ndinu kapena mkulu wake, kwa ine lilibe ntchito. Ine ndikufuna kuona pamene mwana akugwa.

Ife timafika kunyumba mdima utagwa, tizichita nthawi yanji?

Mphindi 15 patsiku, masiku anayi, basi. Lolemba a pamtima aja, Lachiwiri atatu a pakati, Lachitatu atatu otsalawo, Lachinayi a nkhani. Chimene sindifuna ndi chija chochita zonse Lachinayi usiku mma 9 koloko, mwana akusinza inu mwatopa ndi pamzere wa tekisi ku Bree, mapeto ake mumangomuuza mayankho kuti mukagone. Ndimazindikiratu, malembedwe amayamba bwinobwino pamwamba pofika pansi manambala akugona chammbali.

Simukuyenera kukhala naye pambali mphindi zonsezo. Ayambe yekha kukadali kowala, makamaka mu June ndi July pamene dzuwa limalowa isanakwane 6, nde inu mukafika mungotenga mphindi zisanu, olo mukuvundula nsima, musankhe samu imodzi ndikumuuza kuti tandiuza unapanga bwanji apa. Imodzi yokha. Amene mumagwira shifiti ya usiku chitani mmawa kapena masana, nthawi ndi yanu, bola ikhale yomweyomweyo tsiku lililonse kuti musamakanganirane.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, masamu ndinaiwala. Ndingathandize chani?

Funso ili anandifunsa bambo ena amene amagulitsa zinthu mumsewu, munthu woti amabweza chenje cha R200 asanaphethire. Amayi ena amene anati masamu sadziwa ndi omwe amasunga buku la chipereganyu cha anthu 12. Masamu mumawadziwa, chimene simudziwa ndi mmene akuwalembera masiku ano, nde zimenezo ndi ziwiri zosiyana.

Ntchito yanu ndi mafunso atatu. Akufuna chani pamenepa? Yankho likhala cha pamangati usanayambe nkomwe? Ungatsimikize bwanji kuti wakhoza? Funso lachiwirilo ndi limene ana amalidumpha. Ngati samu ili 398 + 205, mwana aziyamba wanena kuti ndi pafupifupi 400 ndi 200, nde yankho likhala cha mma 600, akapeza 5 103 adzidabwa yekha inu musanayankhule. Zimenezo sizifuna satifiketi.

Ndinamuonetsa njira imene tinaphunzira ife yondandalika manambala ndi kubwereka, akuti aphunzitsi sapanga choncho. Wolakwa ndani?

Palibe wolakwa, koma apa ndi pamene pamabuka nkhondo mmanyumba ambiri nde ndikhalitsepo.

Ife kumudzi tinaphunzira kuika nambala ina pamwamba ina pansi, kujambula mzere, kuyamba kumanja, ikakana kubwereka. Njira imeneyo kuno iliko, sinathe ayi, kungoti mu CAPS kuphatikiza ndi kuchotsera kondandalika kumabwera ku Giredi 5, ndipo kugawa kwakutali kuja kotsitsa manambala ndi kwa ku Giredi 6. Aphunzitsi ena amayambitsa msanga, koma ambiri ku Giredi 4 amafuna mwana aziphwanya nambala kaye, aone kuti mkati mwa 743 muli 700 ndi 40 ndi 3. Tiyeni tipange imodzi limodzi, 743 − 286.

Mwana amalemba kaye chonchi:

743 = 700 + 40 + 3
286 = 200 + 80 + 6

Akayang'ana aona kuti pa 3 sangachotsepo 6, pa 40 sangachotsepo 80. Nde amaiphwanyanso 743 ija mwa mtundu wina. Amatenga 10 ku 40 kuja kumupatsa 3, kukhala 13, uku kwatsala 30. Kenako amatenga 100 ku 700 kumupatsa 30, kukhala 130, uku kwatsala 600.

743 = 600 + 130 + 13

Muuzeni aphatikize aone, 600 ndi 130 ndi 13 ikadali 743 yomwe ija, palibe chabedwa. Tsopano akuchotsa bwinobwino: 600 − 200 = 400, 130 − 80 = 50, 13 − 6 = 7. Yankho 457.

Mwaona? Ndi kubwereka komwe kuja, kungoti kwalembedwa poyera. Ife tinkangodula 4 kulemba 3, kuika ka 1 pambali pa nambala, osadziwa kuti ka 1 kameneko ndi 10 kapena 100, tinkangoopa chikwapu basi. Njira yophwanyayi ndi yaitali inde, imadya pepala, ineyo poyamba inkandinyansa. Koma mwana amene wadutsa apa akafika ku Giredi 5 njira yanu ija amaigwira msanga chifukwa akudziwa chimene akudula.

Palinso ina imene inuyo mumaidziwa kuposa ine, yowerenga chokwera ngati mukubweza chenje. Kuchoka pa 286 kufika 300 ndi 14, kuchoka 300 kufika 700 ndi 400, kuchoka 700 kufika 743 ndi 43. Phatikizani 14 ndi 400 ndi 43, ndi 457 yomweyo. Imeneyi kusukulu amaivomera, nthawi zambiri amaijambula pamzere wa manambala ndi timauta todumpha. Nde ngati kuphwanya kuja kukukuzunguzani mutu, muthandizeni ndi iyi.

Langizo langa ndi loti tsegulani kope lake la mkalasi kapena buku la boma lija amapatsidwa, muone njira imene aphunzitsi agwiritsa sabata imeneyo, pa pepala alembe imeneyo. Yanu ija muisunge yotsimikizira, iye apange yake inu yanu pakapepala kena, muone ngati mwakumana. Ana amaikonda zedi imeneyi makamaka tsiku limene olakwa mukhale inu.

Walakwa. Ndidziwa bwanji ngati ndi kusasamala chabe kapena sakumva?

Yankho lolakwa limayankhula, muzingolimvetsera. Mwana wosasamala amalakwa apa ndi apo mosatsata dongosolo, ndipo mukamuuza kuti tayang'ananso amadziona yekha nkuseka. Mwana amene sanamve amalakwa mofanana samu iliyonse, chifukwa ali ndi lamulo lake mmutu limene akulitsata mokhulupirika, kungoti lamulolo ndi labodza.

Pa samu yathu ija 743 − 286, mukaona 543 dziwani kuti si ngozi. Wapanga 7 − 2 = 5, kenako pa 4 ndi 8 wangotembenuza, 8 − 4 = 4, pa 3 ndi 6 chimodzimodzi, 6 − 3 = 3. Lamulo lake ndi loti yaing'ono imachoka ku yaikulu kulikonse kumene ili. Yang'anani masamu enawo muona kuti onse osafuna kubwereka wakhoza, onse ofuna kubwereka walakwa. Ameneyu olo mumupatse masamu 50 alakwa onse mofanana, mukungomukhwimitsa pa cholakwikacho.

Povuta kwambiri ndi pa ziro. Tengani 502 − 167, yankho lake ndi 335. Sabata ina pa mapepala amene anabwera ndinapeza mayankho olakwa atatu osiyana, lililonse ndi nkhani yake. Wina 465, ameneyo ndi wotembenuza uja. Wina 345, uyu wabwereka ndithu ku 500 ndipo wachepetsa kukhala 400, koma 100 imene wabweretsa pakati waigwiritsa yonse, waiwala kuti 10 yapita kale kwa 2 uja nde patsala 90. Wina 435, uyu pakati wakhoza, 90 − 60, koma 500 waisiya yathunthu ngati sanatengeko kanthu. Ana awiri omalizawa ali pafupi kwambiri, akungofunika tsiku limodzi, woyambayo ndi amene ndimakhala naye pansi sabata yonse.

Mankhwala ake kunyumba ndi ndalama. Osati zenizeni, tisanamizane ndani ali ndi ma R100 asanu ongosewera nawo, dulani timapepala mulembe R100, R10 ndi R1. Mpatseni ma R100 asanu ndi ma R1 awiri, inu mukhale wa pa spaza, mumuuze andilipire R167 ndendende chenje ndilibe. Aona yekha kuti R7 sangaipereke, ma R10 alibe, nde ayenera kusinthitsa R100 imodzi ikhale ma R10 khumi, kenako R10 imodzi ikhale ma R1 khumi. Tsopano awerenge zimene zili mmanja: ma R100 anayi, ma R10 asanu ndi anayi, ma R1 ali 12. Ndi 400 + 90 + 12 imeneyo. Alipire, zotsala aziwerenge, R335. Akatero kawiri katatu ndi manambala ena ngati 304 kapena 601, ndi pamene abwerere ku pensulo, osati asanatero.

Ndipo aphunzire kudzichonga yekha. Kuchotsera amatsimikiza ndi kuphatikiza, 335 + 167 ibweze 502. Wa 465 uja akaphatikiza ndi 167 apeza 632, nde funso mumufunse ndi loti 632 yachokera kuti poti tinayamba ndi 502.

Nde akalakwa ndimufufutitse alembe zoona?

Ayi chonde, labala mubiseni. Adule kamzere kamodzi pa zolakwikazo zizionekabe, alembe zatsopano pambali. Ngati mwamuthandiza ikani ka nyenyezi pa samu imeneyo, ngati yakanika nonse isiyeni choncho mulembe mmunsi kuti apa tinayesa zakanika, m'Chichewa momwemo ndiwerenga. Sindichotsa malikisi, pepalali silipita pa lipoti. Mwana wina teremu yatha ankabweretsa 20 pa 20 sabata iliyonse, ine nkumati zili bwino, mayeso a kusukulu atabwera anagwa koopsa, kufufuza kuti mchemwali wake wa ku hayi sukulu ndi amene ankamulembera pakapepala iye nkumakopera kuti asakalipiridwe. Tinataya miyezi itatu.

Masamu a manambala okha amakhoza, koma a nkhani aja amangoti kakasi. Vuto ndi chani?

Nthawi zambiri vuto ndi chizungu osati masamu. Ana athu kunyumba Chichewa, panja Chizulu kapena Chisutu, mkalasi chizungu, nde samu ya mizere inayi imamuthera mphamvu asanafike pa nambala. Kuyesa kwake nkosavuta, muuzeni nkhani yomweyo m'Chichewa pakamwa. Akayankha msanga ndiye kuti masamu ali bwino, tilimbane ndi mawu. Akakanikabe ndiye kuti ndi masamuwo.

Ena mumaopa kuti Chichewa chimusokoneza, ayi, ambiri a ife tinaphunzira kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa m'Chichewa mmakalasi oyambirira ndipo sitinafe. Awerenge chizungucho mokweza kawiri, atseke pepala, akuuzeni nkhaniyo mmawu ake mchinenero chilichonse chimene chabwera, ajambule kachithunzi, kenako ndi pamene asankhe chochita.

Pali timawu tingapo timene timawagwetsa. Loyamba ndi samu lomweli. Kwathu samu ndi funso lililonse la masamu, koma pa pepala la chizungu akati peza samu ya 45 ndi 30 akutanthauza phatikiza, 75. Difarensi ndi yankho la kuchotsera, nde akafunsa difarensi ya 45 ndi 30 akufuna 15, koma ndinalandirapo yankho loti ina ndi yaikulu ina ndi yaing'ono, ndipo kunena zoona mwanayo sananame. Purodakiti ndi yankho la kuchulukitsa. Atatu amenewa alembeni pakhoma.

Koma musamuphunzitse kusaka liwu limodzi nkuthamangira kuwerengera, zija zoti ukaona liwu lakuti ndiye kuti phatikiza. Zimagwira masabata awiri kenako zimamugwetsa. Onani iyi: ana 50 akupita kokasewera mpira, galimoto iliyonse imanyamula ana 8, pafunika magalimoto angati? Mwana amagawa bwinobwino, 50 ÷ 8 ndi 6 kutsala 2, nkulemba 6, kapena 6 kutsala 2. Mufunseni kuti nanga awiriwo atsala pa renki? Yankho ndi 7. Koma nkhani ikakhala yoti muli ndi R50, sopo ndi R8, mugula angati, manambala omwewo yankho ndi 6 ndipo R2 ndi chenje. Palibe liwu limene lingamuuze zimenezo, ayenera kuiona nkhaniyo mmaso.

Mwana wangobwera kumene kuchokera kumudzi, akuti manambala akulembedwa mwachilendo. Nzoona?

Nzoona, ndipo ndi kanthu kakang'ono koma kamadyetsa malikisi. Kwathu timalemba K1,250 ndi kampatuliro kolekanitsa masauzande, ndipo matambala timawalekanitsa ndi kadontho. Kusukulu za kuno ndi mosemphana, masauzande amangosiya kampata, 1 250, ndipo kampatuliro ndi ka masenti, R12,50. Nde mwana wochokera ku Mangochi kapena ku Mzimba akaona 1 250 amayesa ndi manambala awiri, 1 ndi 250, akaona R12,50 ena amawerenga ngati 1 250. Kusitolo pa malisiti mupezanso kadontho, zisakusokonezeni, pa pepala la sukulu atsate za mkalasi.

China, chaka cha sukulu kuno chimayamba January kutha December ndi materemu anayi, kwathu chimayamba September. Mwana amene wafika pakati pa chaka amakhala kuti zina wadumpha zina akubwereza, nde mundiuze mwezi umene anafika ndi sitandade imene anali, ndimupatse pepala lina lomuyenera kwa masabata angapo. Si manyazi.

Kugawa akumalemba kabokosi pambali kodzadza ndi matebulo, nchani chimenechi?

Ndi kabokosi komuthandiza, amalembamo zimene akuzidziwa kale za nambala imene akugawira. Tinene 156 ÷ 6. Pambali alemba:

10 × 6 = 60
20 × 6 = 120
5 × 6 = 30
1 × 6 = 6

Kenako amachotsa zikuluzikulu. Mu 156 achotsa 120, ndiye kuti ma 6 okwana 20 apita, kwatsala 36. Achotsa 30, ma 6 ena asanu, kwatsala 6. Achotsa 6, kamodzi, kwatha. 20 + 5 + 1 = 26. Kutsimikiza, 26 × 6 ibweze 156. Wina achotsa 60 kawiri mmalo mwa 120, palibe vuto afika pomwepo mochedwerako. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kusiya yotsala yaikulu kuposa nambala yogawirayo, ngati 25 kutsala 6, nde mukaona choncho mungofunsa kuti mu 6 wotsalayo simungatuluke gulu lina?

Apa mpamene matebulo amaonekera kufunika kwake, mwana wosadziwa tebulo la 6 kabokosi kameneka sangakadzadze. Koma kuimba kuja tinkaimba ife kuyambira 1 mpaka 12 kuli ndi vuto lake, ukamufunsa 7 × 6 amayambira pa chiyambi kuimba mpaka afike. Mfunseni mosakaniza, anayi kapena asanu patsiku, mukuyenda kapena mukutsuka mbale. Akaiwala asayambirenso, agwire pa imene akuidziwa, 5 × 6 ndi 30 nde kuonjezera ma 6 awiri 42. Tebulo la 4 ndi la 2 kuwirikiza, la 8 ndi la 4 kuwirikiza, la 9 ndi la 10 kuchotsa kamodzi.

Ndipo muli ndi kalasi yaulere mu tekisi. Nonse mukudziwa mavuto a kukhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, ndalama zikubwera kuchokera kumbuyo mzere ndi mzere iwe thukuta kamukamu. Tiyerekeze mtengo ndi R17, anthu 15. Mwana awerengere chamumtima, 10 × 17 ndi 170, theka lake 85, pamodzi R255. Mzere wa anthu anayi wapereka R100, chenje zingati? Anayiwo ndi R68, nde chenje R32. Ndi masamu a Giredi 4 enieni amenewo, kungoti musamukhazike kutsogoloko.

Akumawerengabe zala. Ndimuletse? Nanga kalikuleta ya pafoni?

Zala musamumenyere, mukamuletsa amangozibisa pansi pa tebulo nkumagwedeza mutu. Koma ngati pa 8 + 7 akuyambira 1 kuwerenga zonse, ndiye kuti pali ntchito. Chimene chikusowa ndi manambala okwanitsa 10, aja 8 ndi 2, 7 ndi 3, 6 ndi 4. Akawadziwa ngati dzina lake, 8 + 7 imakhala 8 ndi 2 kukwana 10, kwatsala 5, 15, zala zimasiya zokha. Nyemba kapena zitsekero za mabotolo 10 pa mbale, mubise zina mmanja anene zabisika zingati, mphindi ziwiri patsiku.

Kalikuleta ndi yanu inu, yochongera iye akamaliza. Ndipo mukapeza kuti walakwa musamuonetse yankho, mungoti pa atatu awa imodzi yalakwika, ipeze.

Tikangoyamba amalira, ine mtima umandipsa. Nditani?

Imani. Samu imodzi ikadutsa mphindi zisanu palibe chikuyenda, ikani chizindikiro mupite pa ina, kapena tsekani mawa nlinanso. Mwana amene akuopa mbama mutu wake uli pa dzanja lanu osati pa nambala, amangotchula chilichonse kuti aone nkhope yanu ikuti bwanji, 12, ayi 14, ayi 13. Mukaona wayamba kulotera choncho dziwani kuti za lero zatha. Ndikumbutsenso poti ena mwabwera chaposachedwa, kuno kukwapula mwana nkoletsedwa, kusukulu kuyambira 1996 ndipo kunyumba komwe khoti lalikulu linagamula mu 2019.

Chimene chimathandiza ndi kuchepetsa manambala osasintha samu. Yakanika 743 − 286, mpatseni 43 − 6, kenako 43 − 26, kenako 143 − 86, akwere pang'onopang'ono mpaka muone sitepe imene akupunthwa. Ndipo mawu aja oti kwathu kuno masamu sitikhoza, watengera ine, musamayankhule pamaso pake, amawatenga ngati chilolezo.

Ndi liti pamene ndiyenera kukaonana ndi aphunzitsi ake a kusukulu?

Cholakwika chomwecho chikabwera masabata atatu otsatizana ngakhale tayesa ndalama za mapepala zija. Kapena ngati gawo la pamtima lokha likumutengera kupitirira mphindi 20, kapena akulemba 305 mukamuuza 35, kapena 3005 mukamuuza 305, zimenezo zikusonyeza kuti malo a manambala sanakhazikike kuyambira ku Giredi 2 ndi 3. Musadikire lipoti la December. Pa lipoti amalemba malevulo 1 mpaka 7, ndipo ku Giredi 4 mpaka 6 masamu amafuna levulo 3, kutanthauza 40 mpaka 49 pa 100, kuti akhale wakhoza. Koma mwana wa levulo 3 ndi woti theka la zinthu sakuzidziwa, nde ine ndikaona 3 sindivina.

Popita tengani mapepala atatu kapena anayi aja osafufuta, muwaonetse kuti taonani apa ndi apa akulakwa mofanana. Aphunzitsi amene ali ndi ana ambirimbiri mkalasi mukawauza kuti mwana wanga masamu akumuvuta alibe poyambira, koma mukawauza kuti akakumana ndi ziro pochotsera amasochera, akudziwa chochita mawa lomwe. Ngati chizungu chikukuvutani ndiuzeni tipitire limodzi. Muonetsetsenso maso ake, mwana wina tinkamuyesa waulesi pamene pa bolodi samaona.

Ine ndimagona kuntchito, ndimabwera Loweruka lokha. Pepala likubwezedwa Lachisanu, nde zikhala bwanji?

Amayi angapo muli choncho, ndakumvani. Anu azibweza Lolemba, mungondiuza ndilembe dzina. Mkati mwa sabata apange yekha monga mwa masiku aja, amene akukhala naye, kaya ndi azakhali ake kaya aneba, angoona kuti wakhala pansi mphindi 15, asamuphunzitse. Lachitatu ajambule pepalalo akutumizireni pa WhatsApp, inu musankhe samu imodzi akufotokozereni pa voisi noti mmene wapangira, ana amayankhula momasuka kwambiri pa voisi kusiyana ndi pamaso. Loweruka mukhale naye pa a nkhani anayi aja, poti ndi amene amafuna munthu wamkulu, musaine pansi ndi deti. Pepala likatayika kapena lanyowa ndi mvula musavutike kukapanga fotokope, otsala ndimakhala nawo mu kabati, angobwera adzatenge lina Lachiwiri.